Vidiyo isanapite pa YouTube: dzina la fayilo ndi zimene yanyamula mkati

Vidiyo ikafika pa YouTube, pali zambiri zimene mwini wake angathe kusintha tsiku lililonse. Mutu ungalembedwenso, mawu ofotokozera angawonjezeredwe, chithunzi cha pachikuto chingachotsedwe n'kuikapo china, ndipo ngakhale kudulako kachigawo n'kotheka. Koma fayilo yeniyeniyo simungaichotse n'kulowetsapo ina pamalo omwewo. Mukazindikira kuti munakweza yolakwika, mwina ija imene dzina la woimba linalembedwa mosokonekera, chotsala ndi kuifufuta n'kukweza ina. Yatsopanoyo imabwera ndi linki yakeyake, chiwerengero cha oonera chimayambiranso pa 0, ndipo onse amene munawatumizira linki yoyamba pa WhatsApp amakapeza kuti vidiyo palibe. Bandulo imene munagwiritsa ntchito nayo siibwerera.

Kukweza fayilo yolakwika kawirikawiri sikuchokera m'kusadziwa kujambula. Kumachokera m'foda momwe muli mafayilo anayi kapena asanu a vidiyo imodzi, onse okhala ndi kachithunzi kofanana, onse ndi mayina osanena kanthu.

Tiyerekeze kuti kwaya ya achinyamata ya ku Zomba yajambulitsa nyimbo Loweruka pa 17 Ogasiti 2024. Nyimboyo ndi ya mphindi 5, ndipo tiipatse mutu wakuti "Ng'oma ya M'maŵa". Wojambula anagwiritsa ntchito kamera ndi foni, kenaka analumikiza zonse pa kompyuta. M'foda mwake tsopano muli `C0042.MP4` yochokera mu kamera ya Sony, `VID_20240817_101522.mp4` yochokera mu foni, ndi `Sequence 01.mp4`, dzina limene pulogalamu ya Premiere Pro imatulutsa ngati munthu sanalembepo lake. Atsogoleri a kwaya ataonera anapempha kuti akonze mawu a pa sikirini, choncho panabadwa `final.mp4`. Anapemphanso kuti akweze mawu a oimba besi, n'kubadwa `final2.mp4`, ndipo pambuyo pake `final final.mp4`. Pakatha masabata awiri, ngakhale wojambulayo sangakumbukire ngati `final2` inatuluka `final final` isanatuluke kapena itatuluka kale.

Dzina labwino limayankha mafunso amene munthu adzakhale nawo pa tsiku limene waiwala zonse: zinajambulidwa liti, ndi za ndani, ndi chiyani, ndi kukonza kwachingati. La kwaya yathuyi lingakhale ili:

```
2024-08-17_kwaya-zomba_ngoma-ya-mmawa_v03_1080p25.mp4
```

Tsiku lili patsogolo, ndipo layamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka deti. Kalembedwe kameneka ndi ka muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 8601, koma chifukwa chokagwiritsira ntchito n'chapafupi. Kompyuta ikamasanja mafayilo potsata dzina imawerenga kuchokera kumanzere. Mukalemba monga timalembera m'makalata, 17-08-2024 ndi 02-09-2024, idzaika ya mu Sepitembala pamwamba pa ya mu Ogasiti chifukwa 02 ndi yochepa kuposa 17. Mukayamba ndi chaka, mafayilo amadzindandalika okha kuyambira akale mpaka atsopano. Palinso vuto lina limene limatheratu: 03-04-2024 kwa ife ndi pa 3 Epulo, pomwe m'bale wathu wa ku America adzawerenga kuti ndi pa 4 Malichi.

Wina angafunse chifukwa cholembera tsiku m'dzina pomwe kompyuta imasunga yokha masiku a fayilo. Masiku amenewo ndi osadalirika. Pa Windows, mukakopera fayilo kupita pa fulashi, `Date created` imasanduka tsiku limene mwakopera, ndipo `Date modified` imasintha nthawi iliyonse imene mwakonza kanthu m'fayilomo. Tsiku lolembedwa m'dzina limayenda ndi fayiloyo kulikonse. Lembani tsiku lojambulira, osati lotulutsira vidiyo, popeza lojambulira ndi limene a kwaya adzakumbukire akamadzakufunsani chaka chamawa.

`v03` ndiyo imalowa m'malo mwa mawu akuti `final`. Nthawi iliyonse imene vidiyo yatulutsidwanso, nambala imakwera ndi 1, ndipo yaikulu koposa ndiyo yatsopano, popanda kuganizaganiza. Ziro wa kutsogoloyo asasiyidwe, chifukwa mapulogalamu ena amaika `v10` patsogolo pa `v2` poona kuti 1 imabwera 2 isanafike. Chakumapeto, `1080p25` ikunena kukula kwa chithunzi ndi kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, ndipo imathandiza tsiku limene mwapanga mtundu wina waung'ono wotumizira anthu pa foni, wa `480p`, kuti musadzaukweze pa YouTube mwangozi.

Mwaona kuti m'dzina la fayilo mutu wa nyimbo wasanduka `ngoma-ya-mmawa`. Apa ndi pamene ife olemba Chichewa tiyenera kusamala kuposa ena, chifukwa kalembedwe kathu kali ndi zizindikiro ziwiri zimene makina ena sazilandira bwino: ŵ wa kachipewa, ndi kachizindikiro ka m'mwamba ka m'mawu monga ng'oma, ng'ombe ndi m'mudzi. Windows, Android ndi makompyuta a Apple a masiku ano amalola zonsezi m'dzina. Mavuto amayamba fayiloyo ikayenda. Ikaikidwa pamalo pomwe dzina lake limasanduka gawo la linki, ŵ amalembedwa `%C5%B5`, ndipo mpata uliwonse pakati pa mawu umasanduka `%20`, mpaka linki imakhala yosawerengeka. Pa wailesi yakanema yakale yowerenga fulashi, ŵ angaoneke ngati kabokosi kapena chizindikiro cha funso. Kachizindikiro ka m'mwamba kaja nako, pa Linux ndi pa Mac, kamatengedwa ngati chiyambi cha mawu ogwidwa munthu akamalemba malamulo a kompyuta pamanja, ndipo lamulo limaima n'kumadikira kuti katsekedwe. Si kunyoza chiyankhulo kuchotsa zizindikirozi m'dzina la fayilo. Chichewa cholembedwa bwino, ndi ŵ wake ndi zonse, malo ake ndi pa mutu umene anthu adzawerenge, ndipo pamenepo ndimaumirira kuti chilembedwe mokwanira.

Pali zizindikiro zina zimene Windows imakaniratu: `\ / : * ? " < > |`. Amene amakonzera vidiyo pa Mac kapena pa Linux atha kupanga dzina lokhala ndi zina mwa izi popanda chovuta, fayiloyo n'kukakanika kukopedwa pa kompyuta ya mnzake. Chotetezeka ndi zilembo zing'onozing'ono kuyambira a mpaka z, manambala, kamzere kapakati ndi kamzere kapansi. Dzina lisatalikenso. Mapulogalamu ambiri a pa Windows amalephera kutsegula fayilo ngati njira yonse yokafikira pa iyo, kuphatikiza mayina a mafoda onse amene ilimo, yafika zilembo 260.

Zilembo za kumapeto, `.mp4`, zisakhudzidwe. Windows imazibisa ngati simunaiuze kuti izionetse, ndipo n'chifukwa chake mumapeza mafayilo otchedwa `nyimbo.mp4.mp4`. Mu File Explorer pitani pa `View`, mupeze `File name extensions` n'kuchongapo, zizioneka nthawi zonse. Ndipo kufufuta `.mov` n'kulemba `.mp4` sikusintha mtundu wa vidiyo. Kuli ngati kumata pepala lolembedwa kuti mpunga pa thumba la chimanga.

Pa YouTube dzina la fayilo lili ndi ntchito imodzi yooneka. Mukangosankha fayilo, YouTube imatenga dzinalo, n'kuchotsa `.mp4` ndi timizere, n'kuliika m'bokosi la mutu. Munthu akafulumira n'kudina kupitirira, vidiyo imatuluka ndi mutu umenewo, ndipo n'chifukwa chake pali mavidiyo ambirimbiri otchedwa `VID 20240817 WA0007` amene palibe angawapeze pofufuza. Mutu uli ndi malo a zilembo 100, ndipo wa kwaya yathu uyenera kulembedwa ndi dzanja, kuyamba ndi dzina la nyimbo, kenaka dzina lonse la kwaya. Ena amalangiza kuti muzidzaza dzina la fayilo ndi mawu ambiri amene anthu amakonda kufufuza kuti vidiyo izituluka pamwamba. Malangizo amenewo ine sindiwatsata. Oonera saliona dzina la fayilo, ndipo YouTube yomwe imanena kuti mutu, chithunzi cha pachikuto ndi mawu ofotokozera ndizo zimathandiza kwambiri kuti vidiyo ipezeke. Dzina la fayilo ndi la inu ndi amene mukugwira nawo ntchito, ndipo mukalidzaza mawu okopa anthu limasiya kukuuzani kuti fayiloyo ndi iti.

Dzina la `WA0007` lija lili ndi chenjezo linanso. Zilembo `WA` zikutanthauza kuti vidiyoyo yadutsa pa WhatsApp, ndipo ngati inatumizidwa monga vidiyo wamba, inafinyidwa kuti ichepe. Zimachitika kuti mlembi wa kwaya, amene ndiye ali ndi pasiwedi ya tsamba la YouTube, amakweza imene analandira pa foni kuti aonere, pomwe yeniyeni yakhala pa kompyuta ya wojambula. YouTube nayo imafinyanso vidiyo iliyonse imene yalandira, ndipo yofinyidwa kawiri imaoneka ndi timabokosi pankhope ndi pa zovala zamaluwa, makamaka oimba akamavina. Yokakweza iperekedwe pa fulashi, pa Google Drive, kapena itumizidwe ngati `Document`.

Tsopano tilowe mkati mwa fayilo. Pa Windows, dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mbewa, musankhe `Properties`, kenaka `Details`. Zimene zikuoneka pamenepo zili m'magulu awiri osiyana kwambiri, ndipo kusokoneza magulu amenewa ndi kumene kumataitsa anthu nthawi. Pamwamba pali `Title`, `Subtitle`, `Tags` ndi `Comments`. Awa ndi mawu ongolembedwa m'fayilo, ndipo pa fayilo ya MP4 mungadine pambali pake n'kulemba zimene mukufuna. Pansi pali `Length`, `Frame width`, `Frame height`, `Total bitrate` ndi `Frame rate`. Izi sizilembedwa ndi dzanja. Zikungofotokoza mmene vidiyoyo inapangidwira, ndipo kuti zisinthe muyenera kubwerera ku pulogalamu yokonzera n'kuitulutsanso.

`Title` ya mkati imadabwitsa anthu ambiri. Pulogalamu yoonetsera vidiyo ya VLC ikapeza kuti m'fayilo muli `Title`, imaonetsa imeneyo m'malo mwa dzina la fayilo. Ndiye mutha kusintha dzina bwinobwino, koma pokaonetsa vidiyo ku tchalitchi pa pulojekita, pa sikirini n'kutuluka mutu wakale umene unatsalira mkati, mwina wa ntchito ya kasitomala wina. Yang'anani bokosi limeneli nthawi zonse. Muno ndimo mungalembe "Ng'oma ya M'maŵa" ndi zizindikiro zake zonse, ndipo mu `Comments` mungaike dzina la kwaya, malo ojambulira ndi mwini wa nyimbo. Izi sizisamukira zokha m'bokosi la mawu ofotokozera pa YouTube, koma zimathandiza fayilo ikayamba kuyenda m'mafulashi ndipo wina waisintha dzina.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chimene sichioneka msanga. Foni imene kamera yake inaloledwa kudziwa malo imalemba m'fayilo malo enieni amene vidiyo inajambulidwira. Pa foni ya Android mzere wake umaoneka motere mukafufuza ndi pulogalamu ya `ffprobe`:

```
location : -15.3860+035.3188/
```

Pa iPhone dzina la mzerewo ndi `com.apple.quicktime.location.ISO6709`. Manambala amenewa ndi a ku Zomba, ndipo poti pali manambala anayi pambuyo pa kadontho, akuloza malo molondola mpaka pafupifupi mamita 11, kutanthauza nyumba imodzi kapena ziwiri. Oonera pa YouTube salandira fayilo yanu yeniyeni, amalandira imene YouTube yapanga, choncho sangawerengemo malowo. Vidiyo yotulutsidwa mu pulogalamu yokonzera nayo kawirikawiri siitenga mzerewu. Koma taganizirani kavidiyo kamene mtsikana wa m'kwaya anajambula pa foni akuyeserera kunyumba kwawo, kenaka katumizidwa ngati `Document` ku gulu la anthu ambiri, kapena kaikidwa pa Google Drive pomwe aliyense wokhala ndi linki angakatenge. Fayilo yotero imafika momwe inachokera, ndipo aliyense wodziwa poyang'ana adziwa pomwe mwanayo amagona.

Pansi pa `Details` pali mawu akuti `Remove Properties and Personal Information`, ndipo mukadinapo mumapatsidwa mwayi wopanga kope lopanda zolembedwazo. N'kothandiza, koma kumachotsa zokhazo zimene Windows imazizindikira, choncho mukatero tsegulani kopelo ndi pulogalamu yaulere ya MediaInfo muone ngati malo achokadi. Amene saopa kulemba malamulo angagwiritse ntchito FFmpeg, yomwenso ndi yaulere:

```
ffmpeg -i ngoma_v03.mp4 -map_metadata -1 -metadata title="Ng'oma ya M'maŵa" -c copy -movflags +faststart ngoma_v03_yoyera.mp4
```

Chigawo cha `-map_metadata -1` chimasiya zolembedwa zonse zakale, `-metadata title=` imalemba mutu watsopano, ndipo `-c copy` imauza pulogalamuyo kuti zithunzi ndi mawu izingokopera osazifinyanso, motero ntchito imatha m'masekondi ochepa ndipo chithunzi sichiwonongeka. Cha kumapetocho, `+faststart`, chimasamutsira kumayambiriro kwa fayilo kandandanda kamene kamauza choonetsera pomwe chithunzi chilichonse chili, kuti vidiyo iyambe kuoneka isanatsike yonse. YouTube imalimbikitsa zimenezi. Mu HandBrake chinthu chomwechi chimatchedwa `Web Optimized`, ndipo mu DaVinci Resolve ndi `Network Optimization`. Mukamaliza, onerani fayilo yatsopanoyo pang'ono, makamaka ngati inajambulidwa foni ili choimirira, mutsimikize kuti sinagone cham'mbali.

Za gulu lachiwiri lija, YouTube inalemba poyera zimene imakonda kulandira: fayilo ya MP4, zithunzi zofinyidwa ndi H.264, ndi mawu a AAC pa 48 kHz. Mapulogalamu ambiri amasankha okha zimenezi ndipo sizivuta. Manambala awiri ndiwo ofunika kuwayang'ana ndi maso.

Yoyamba ndi `Frame rate`. Lamulo lake ndi lakuti vidiyo ituluke pa nambala imene inajambulidwira. Ojambula ambiri kuno amaika kamera pa 25 kapena 50, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo pa manambala amenewa nyali za m'tchalitchi siziphethira m'chithunzi. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30. Ngati kamera ya kwaya inali pa 25 koma vidiyo yatulutsidwa pa 30, pulogalamu imayenera kupeza zithunzi 6 pomwe pali 5, ndipo kawirikawiri imangobwereza chimodzi. Mudzadziwa poona pamene kamera ikuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja: m'malo moyenda mosalala, chithunzi chimakhala ngati chikutsimphina. Mukaona 30 pa `Details` pomwe dzina likuti `1080p25`, china chalakwika, ndipo ndi phindu lina lolembera nambalayo m'dzina.

Yachiwiri ndi `Total bitrate`, kuchuluka kwa deta imene vidiyo imadya pa sekondi iliyonse, ndipo iyi ndiyo imakhudza thumba. Pa vidiyo wamba ya 1920 kwa 1080 pa zithunzi 25 kapena 30, YouTube imalangiza mamegabiti 8 pa sekondi. Pa zithunzi 50 kapena 60 imalangiza 12, ndipo pa 720p ya zithunzi 25 kapena 30 imalangiza 5. Windows imaonetsa nambalayi mu `kbps`, choncho 8 idzaoneka ngati pafupifupi 8000. Masamu ake ndi awa. Nyimbo ya mphindi 5 ili ndi masekondi 300. Kuchulukitsa 300 ndi 8 kumapereka mamegabiti 2,400, ndipo poti baiti imodzi ili ndi mabiti 8, tigawa ndi 8 n'kupeza mamegabaiti 300. Mawu amawonjezerapo pafupifupi 14, motero fayilo yonse ndi pafupifupi mamegabaiti 314. Wojambula akasiya pulogalamu pa mamegabiti 40, nyimbo yomweyo imalemera mamegabaiti 1,500. Pa netiweki imene ikukweza mamegabiti 2 pa sekondi, yoyambayo imatenga mphindi pafupifupi 21, yachiwiriyo mphindi 100, ndipo bandulo ya gigabaiti imodzi itha vidiyo isanafike. Popeza YouTube idzaifinyabe, woonera pa foni sangaone kusiyana kolingana ndi ndalama zimenezo.

Masamu omwewa amagwiranso ntchito chobwerera, ndipo ndi njira yachangu yogwirira fayilo yolakwika ngakhale dzina lake litakhala labwino. Tengani kulemera kwa fayilo, chulukitsani ndi 8, gawani ndi masekondi. Ngati mlembi wa kwaya ali ndi fayilo ya mphindi 5 yolemera mamegabaiti 30 okha, ndiye kuti ndi 0.8 pa sekondi, gawo limodzi mwa magawo 10 a zoyenera. Imeneyo ndi yofinyidwa imene wina anangoipatsa dzina latsopano, ndipo `Frame width` idzatsimikiza poonetsa nambala yochepera 1920.

Kwaya ikadzafuna kukweza mwambo wonse wa maola awiri, `Length` iyang'anidwe kaye, chifukwa tsamba limene silinatsimikizidwe ndi nambala ya foni sililoledwa kukweza vidiyo yopitirira mphindi 15.

Pokweza, sankhani `Private` kapena `Unlisted` poyamba. Mu YouTube Studio, pansi pa kavidiyo ka kumanja, pali mzere wa `Filename` umene umaonetsa dzina la fayilo imene munakweza, ndipo umaoneka kwa inu nokha. Ngati ukuti `v02` pomwe m'foda muli `v03`, fufutani tsopano linki isanapite kwa aliyense. YouTube imayamba yamaliza kukonza mtundu wosaoneka bwino, wa 1080p umabwera pambuyo, choncho dikirani mpaka uoneke pa mndandanda wa `Quality`. Onerani nyimbo yonse mpaka kumapeto ndi mmodzi wa atsogoleri a kwaya, awerenge mayina a pa sikirini ndi mutu umene mwalemba, ndipo akavomereza sinthani kuti ikhale `Public`.